Ana amene akupita kolephera: mzere tidule pa 40 kapena pa 50?

Madamu a Fomu 3:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Mayeso apakati pa teremu tachonga, malikisi onse ali m'buku. Ahedi akufuna kuti pofika Lachisanu tiwapatse mayina a ana amene zikuoneka kuti alephera kumapeto kwa teremu, kuti tiyambe kuwathandiza nthawi ikadalipo. Ena mu sitafu akuti tingotenga aliyense amene wapeza pansi pa 40, poti 40 ndiye malikisi okhozera pasukulu pathu. Ena akuti 50. Kalasi ili ndi ana 80. Anzathu mzere umenewu mumaudula pati, ndipo mumatengera chiyani?

Bambo a Komiti ya Makolo:
Pepani ndilowerere. Ndiye kuti amene alembedwe pamndandandawo abwereza kalasi? Chifukwa ngati ndi choncho makolo ayenera kuuzidwa msanga. Fizi ya chaka china si nkhani yamasewera.

Madamu a Fomu 3:
Ayi Bambo, za kubwereza sizikukhudzana. Tikufuna kudziwa ana oti tiwapatse chithandizo panopa, asanafike polephera.

Aphunzitsi a Jogalafe:
Ine ndimati 40 basi. Lamulo lizikhala loti mwana, kholo ndi mphunzitsi alimve pa kamodzi. Wapeza 39, walephera, tikuthandiza. Wapeza 41, wakhoza, pitiriza. Mukayamba za 45 ndi 50 mudzavutika kufotokozera kholo chifukwa chake mwana wokhoza mwamuika pagulu la olephera.

Mkulu wa Masamu:
Achimwene, pa nkhani ya kufotokoza mosavuta mwalasa. Koma 40 ya pakati pa teremu si 40 ya kumapeto. Mayeso apakati amafunsa mitu iwiri kapena itatu imene ana angoiphunzira kumene, ikadali yotentha m'mutu. Akumapeto amafunsa teremu yonse, nthawi zina ndi za materemu am'mbuyo zomwe, ndipo mitu yovuta kawirikawiri timaiphunzitsa titadutsa kale pakati. Ndiye mwana amene wapeza 43 pa pepala lalifupi la zinthu za dzulodzulo, ameneyo ali kale m'mphepete mwa dzenje.

Madamu, nambala yodulira musaitenge kwa ife. Ili m'kabati mwanu momwemo. Tulutsani buku la malikisi la Fomu 3 ya chaka chatha, teremu ngati yomwe ino, phunziro lomwelo. Pa mwana aliyense lembani manambala awiri okha: zimene anapeza pakati ndi zimene anapeza kumapeto. Kenaka agaweni m'magulu potengera malikisi apakati, muwerenge kuti m'gulu lililonse analephera kumapeto ndi angati.

Ndipereke chitsanzo ndi manambala ongoyerekeza, kuti njira yake ioneke. Tinene kuti ana anali 80, ndipo 30 analephera Masamu kumapeto.

Amene pakati anapeza pansi pa 40 anali 22, ndipo 18 mwa iwo analephera.
Amene anapeza 40 mpaka 44 anali 9, analephera 5.
Amene anapeza 45 mpaka 49 anali 10, analephera 3.
Amene anapeza 50 kupita m'mwamba anali 39, analephera 4.

Tsopano yesani mizere yanu ija. Mukadula pa 40, mndandanda uli ndi mayina 22. Mwagwira 18 mwa olephera 30, koma 12 akudutsani pansi pa mphuno. Mukadula pa 45, mayina akhala 31, mwagwira 23, akudutsani 7, koma mwatengeramo ana 8 amene akanakhoza okha. Mukadula pa 50, mayina 41, mwagwira 26, akudutsani 4 okha, koma 15 mwawatenga chabe, ndipo mndandanda wanu wapitirira theka la kalasi.

Palibe mzere umene ungagwire onse popanda kutengeramo ena osayenera. Mukaukweza mumagwira ambiri koma mumalemedwa. Mukautsitsa mumapepukidwa koma ambiri amakuthawani. Chimene buku la chaka chatha limakuuzani ndi mtengo wa chisankho chilichonse pasukulu panu, ndi mayeso a aphunzitsi anu.

Aphunzitsi a Jogalafe:
Ndamva. Koma m'chitsanzo chanucho gulu la 45 mpaka 49, olephera ndi atatu pa khumi. Asanu ndi awiri akhoza okha. Tiwavutitsiranji?

Mkulu wa Masamu:
N'chifukwa chake ine sindidula mzere umodzi, ndimadula iwiri. Apansi pa 40 ndi gulu lofiira, amenewa chithandizo chiyambe sabata yomweyo. A 40 mpaka 49 ndi gulu lachikasu, amenewa simuwaitana masana, mumangowayang'anitsitsa: makope awo muzichonga inu nomwe, m'kalasi muziwafunsa mafunso, ndipo pakatha masabata awiri muwapatse kamayeso ka mafunso asanu. Amene watsika pamenepo alowe kofiira. Koma onani kuti m'chitsanzo chija gulu la 40 mpaka 44 olephera aposa theka. Buku lanu likaonetsa zotero, mzere wofiira ukwere ufike pa 45, osaumirira 40 chifukwa choti ndi nambala yozolowereka.

Achiwiri kwa Ahedi:
Ndiwonjezere mbali imene a Masamu aikhudza pang'ono. Musanadule mzere, werengani kaye manja amene muli nawo. Mphunzitsi mmodzi, masana awiri pa sabata, mphindi 45 tsiku lililonse, angathe kuona kope la mwana aliyense ngati gulu lili la ana 12, mwina 15. Kupitirira apo wabwerera ku kalasi yomwe ija ya m'mawa, amene anasochera m'mawa asocheranso masana. Ndiye mayina 22 ndi magulu awiri kale. Mayina 41 si mndandanda wa chithandizo ayi, umenewo ndi uthenga woti mutuwo sunamveke ndipo uphunzitsidwenso kwa kalasi yonse pa nthawi yake ya pa ndandanda.

Ahedi akalandira mayina 41 popanda woti awaphunzitse, pepalalo likagona mu fayelo mpaka teremu kutha.

Madamu a Fomu 3:
Zikomo. Buku la chaka chatha ndalipeza. Malikisi a chaka chino ali kale mu Excel pa laputopu ya sukulu, mnyamata wa ku ofesi analowetsa. Ndaika fomyula iyi kuti izilemba yokha magulu:

```
=IF(B2<40,"OFIIRA",IF(B2<50,"ACHIKASU","OBIRIWIRA"))
```

Koma pali zodabwitsa. Mtsikana wina amene sanalembe n'komwe mayeso yamulemba OBIRIWIRA. Mnyamata wina amenenso sanalembe yamulemba OFIIRA. Onsewo sanalembe, nanga zikusiyana bwanji?

Wa Makompyuta:
Madamu, tayang'anani tibokosi ta awiriwo. Ndikukhulupirira kuti ka mnyamatayo n'kopanda kanthu, pomwe ka mtsikanayo mwalembedwa mawu, monga abs kapena kamzere. Excel ikamafananiza, kabokosi kopanda kanthu imakatenga ngati ziro, ndiye ziro ndi wochepera 40, mwana wapita kofiira. Koma mawu imawatenga ngati aakulu kuposa nambala ina iliyonse. Ndiye abs sachepera 40, sachepera 50, mwana wagwera ku OBIRIWIRA. Vuto lachiwirili ndiye loopsa, chifukwa mwana amene sanabwere n'komwe akuoneka ngati zake zili bwino.

Yambani ndi kufunsa ngati m'kabokosimo muli nambala:

```
=IF(NOT(ISNUMBER(B2)),"SANALEMBE",IF(B2<40,"OFIIRA",IF(B2<50,"ACHIKASU","OBIRIWIRA")))
```

Fomyula imeneyi igwiranso vuto lina lobisika. Nthawi zina nambala imalowa ngati mawu, makamaka ikakoperedwa kuchokera pa foni. M'maso mukuona 35, koma kwa kompyuta si nambala. Muidziwa chifukwa imatsamira kumanzere kwa kabokosi pomwe anzake atsamira kumanja, ndipo kawirikawiri pakona pamakhala kachizindikiro kobiriwira. Mukaona SANALEMBE pa mwana amene mukudziwa kuti analemba, ilembeninso nambalayo ndi manja.

Madamu a Fomu 3:
Ndi momwemodi, panalembedwa abs. Ndakonza. A SANALEMBE atuluka asanu ndi mmodzi.

Achiwiri kwa Ahedi:
Asanu ndi mmodziwo ndiye muyambe nawo, asanabwere ofiira. Mwana amene wapeza 30 tikudziwa kuti ali pasukulu ndipo tikudziwa pamene akulephera. Amene sanalembe sitikudziwa kalikonse. Tsegulani rejisitala muone masiku amene wajomba kuyambira sabata yoyamba. Wodwala tsiku limodzi alembe pepala lina sabata ino. Amene anabwezedwa kukatenga fizi, nkhani yake ndi ya ku ofesi ndi makolo. Koma amene wajomba masiku asanu ndi atatu pa masabata asanu ndi limodzi, ameneyo mwina akusiya sukulu pang'onopang'ono, ndipo makalasi a masana sangamuthandize poti sadzabwerako. Ngati ndi mtsikana, amayi a gulu loona za atsikana amufikire kunyumba.

Chimodzi chokha musachite: kumulembera ziro kuti buku lidzaze. Ziro ameneyo amatsitsa avereji ya kalasi, ndipo chaka chamawa wina akamadzafufuza mzere monga anenera a Masamu, adzawerenga ana amene sanalembe ngati olephera.

Wa Makompyuta:
Zoona. AVERAGE imadumpha tibokosi topanda kanthu ndi ta mawu, koma ziro imamuwerengera. Ndipo poti mwapeza buku la chaka chatha, kuwerenga kuja simusowa kuchita ndi zala. Malikisi apakati akhale mu B, akumapeto mu C, ana kuyambira mzere 2 mpaka 81:

```
=COUNTIF(B2:B81,"<45")
=COUNTIFS(B2:B81,"<45",C2:C81,"<40")
=COUNTIFS(B2:B81,">=45",C2:C81,"<40")
```

Yoyamba ikupatsani kutalika kwa mndandanda, yachiwiri olephera amene mwawagwira, yachitatu amene akuthawani. Sinthani 45 kukhala 40 kapena 50 muone mmene zikusinthira. Amene alibe laputopu, pepala la mizere ndi pensulo zikwanira, ana 80 ndi ntchito ya ola limodzi.

Madamu a Chingerezi:
Nonse mukukamba ngati phunziro ndi limodzi. Ahedi akufuna mndandanda wa kalasi, ndipo ndikudziwa chimene ambiri amachita: amaphatikiza maphunziro onse, n'kutenga avereji, n'kudula pa 40. Avereji imabisa. Taonani mwana uyu, wongoyerekezanso: Ulimi 66, Chichewa 70, Bayoloje 55, Jogalafe 58, Masamu 47, Fizikisi 44, Chingerezi 31. Mukaphatikiza ndi 371, kugawa ndi 7 ndi 53. Pa avereji ndi wobiriwira, palibe amene amutchule. Koma ku MANEB mwana akalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE sapata, ngakhale Ulimi atapeza 1. Giredi 9 pa Chingerezi yokha imagwetsa zonse.

Ndiye lamulo langa ndi ili. Osagwiritsa avereji. Werengani maphunziro amene mwana ali pansi pa mzere. Atatu kapena kuposa, ofiira. Chingerezi chokha chikakhala pansi, ofiira ndithu, ngakhale ena onse ali bwino.

Aphunzitsi a Jogalafe:
Madamu akukokera kwawo, kikiki. Koma ndi zoona.

Madamu a Chingerezi:
Si kwathu kokha Aphunzitsi. Mwana amene sakumva Chingerezi ndi yemweyo amene pa pepala lanu la Jogalafe amafotokoza pamene funso lati atchule, kapena kutchula pamene lati afotokoze. Mukaona Bayoloje, Jogalafe ndi Mbiri zonse zili m'ma 40 pomwe Masamu ali bwino, yambani mwamupatsa ndime awerenge mokweza musanamutumize ku makalasi atatu osiyana.

Wa Makompyuta:
Kuwerenga maphunziro n'kosavuta. Ngati maphunziro ali kuyambira C mpaka I, ndipo Chingerezi chili mu I:

```
=IF(OR(COUNTIF(C2:I2,"<40")>=3,AND(ISNUMBER(I2),I2<40)),"OFIIRA","")
```

COUNTIF siwerengera tibokosi topanda kanthu, ndiye mwana amene satenga Fizikisi sakhudzidwa bola kabokosi kake mukasiye kopanda kanthu. Koma dziwani kuti amene sanalembe Chingerezi fomyula iyi imusiya, mumupeze ku gulu la SANALEMBE lija.

Mphunzitsi Wopuma:
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga. Funso langa ndi lakuti, mayeso anuwo anali a malikisi angati? Palibe amene wafunsa.

Madamu a Fomu 3:
Masamu anali pa 30, Agogo. Ena pa 50. Tinawasandutsa onse kukhala pa 100.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndi pamenepo. Pepala la pa 30, malikisi amodzi ndi maperesenti atatu ndi kachidutswa. Mwana wa 12 ali pa 40 ndendende. Wa 11 ali pa 36.7, wa 13 ali pa 43.3. Funso limodzi la malikisi 4 limamusuntha mwana ndi maperesenti 13. Ndiye amene wapeza 11 ndi amene wapeza 13 ndi mwana mmodzimodzi, kusiyana kwawo mwina ndi chizindikiro cha kuchotsera chimene wina anaiwala pa mzere womaliza. Inu mwaika mmodzi kofiira, wina mwamusiya. Mukasandutsa kukhala pa 100 nambala imaoneka yolemera kuposa mmene ilili.

Ana onse amene ali malikisi awiri pansi kapena pamwamba pa mzere, tengani mapepala awo enieniwo muwaone. Pali kusiyana pakati pa mwana amene njira wayenda bwino n'kupunthwa pa kuwerengera, ndi amene wangokopera funso n'kusiya. Ndipo musadalire mayeso amodzi. Phatikizanipo za m'kope ndi malikisi a kumapeto kwa teremu yatha. Ziwiri mwa zitatu zikagwirizana, khulupirirani.

Wa Makompyuta:
Pa kusandutsa komweko pali kamsampha kena. Pepala likakhala la pa 48, mwana wa 19 ali pa 39.58. Kabokosi kakaikidwa kuti kasamaonetse madesimo, muona 40, koma fomyula ikuona 39.58 ndipo imulemba OFIIRA. Kholo lidzafunsa kuti 40 yafiira bwanji. Gwirizanani kaye ngati mukuzungulitsa, ndipo ngati mukutero chitani zenizeni:

```
=ROUND(B2/48*100,0)
```

Aphunzitsi a Bayoloje:
Vuto langa ndi lina. Fomu 3 kwathu ili pawiri, ndipo aphunzitsi ndi awiri, aliyense analemba mayeso ake. Avereji ya 3A yatuluka 58, ya 3B 37. Tikadula pa 40, ku 3A ofiira ndi anayi, ku 3B ndi oposa theka. Koma anawa tinawagawa mosasankha ali Fomu 1. Ine ndikuganiza zongotenga ana khumi apansi m'kalasi iliyonse, nkhani ithe.

Mkulu wa Masamu:
Ngati anagawidwa mosasankha, kusiyana kwa 21 sikungachokere kwa ana okha. Mwina pepala lina linali lofewa, mwina dzanja lina ndi louma pochonga, mwinanso kalasi ina inatsaliradi m'mbuyo. Kuti mudziwe, tengani mapepala khumi ku 3A ndi khumi ku 3B, aphunzitsiwo asinthane, aliyense achonge a mnzake potsatira ndondomeko ya mayankho ya mwini pepala, osaona malikisi oyamba. Akasiyana ndi malikisi ambiri pa pepala lomwelo, vuto ndi kachongedwe. Akagwirizana, yalani mapepala a mafunso awiriwo patebulo muwafananize. Akakhalanso ofanana kulemera, ndiye kuti 3B ili pamavuto enieni.

Njira yanu ya khumi apansi ili ndi ubwino umodzi: mndandanda umakwanira manja amene muli nawo. Koma imatulutsa khumi nthawi zonse, ngakhale kalasi yonse ikukhoza, ngakhalenso kalasi yonse ikumira. Ngati 3B yatsaliradi, mwathandiza khumi n'kusiya ena ambiri amene alephere, ndipo vuto la kalasiyo mwalibisa.

Aphunzitsi a Bayoloje:
Komabe pofika Lachisanu sitingathe kulembetsa mayeso ena. Khumi apansi ndi bwino kusiyana ndi mzere umodzi pa mapepala awiri osiyana.

Mkulu wa Masamu:
Kwa teremu ino sindikutsutsani. Teremu yamawa pepala likhale limodzi, tsiku limodzi, ndondomeko ya mayankho imodzi.

Achiwiri kwa Ahedi:
Pepala limodzi n'losavuta kunena. Wina amakhala ali mutu wachinayi mnzake akadali wachiwiri, ndiye pepala limodzilo lifunsa za ndani? Timathera kufunsa za wotsalirayo, ndipo kalasi yotsogola imapeza malikisi okwera pa zinthu za mwezi watha. Ine nkhani imeneyi sindinaione itatheratu bwino.

Madamu a Chingerezi:
Pali ana ena amene mzere uliwonse suwagwira. Mwana amene teremu yatha anali pa 72 ndipo pano wapeza 51. Ndi wobiriwira, koma watsika ndi 21. Kawirikawiri pamakhala china chake: maliro, kusamukira kwa achibale, ganyu, maso osaona pa bolodi, chibwenzi. Anayi aja a m'chitsanzo cha a Masamu, amene anapeza 50 kupita m'mwamba koma n'kulephera kumapeto, ena mwa iwo amakhala otere. Ikani danga lina la kusiyana kwa teremu yatha ndi pano. Amene watsika ndi 15 kapena kuposa, mphunzitsi wa kalasi acheze naye.

Mphunzitsi Wopuma:
Bola muyang'ane kaye ngati kalasi yonse sinatsike. Avereji ya kalasi ikatsika ndi 12 chifukwa pepala linali lolimba, amene watsika ndi 15 wangotsika ndi 3 poyerekeza ndi anzake. Chotsani kutsika kwa kalasi kaye, kenaka muone otsala.

Bambo a Komiti ya Makolo:
Tsopano ndamva cholinga. Ndiye mndandandawo ukatuluka mutumize pa gulu la makolo la pa foni, aliyense aone mwana wake. Enafe timadziwa zinthu teremu itatha kale.

Achiwiri kwa Ahedi:
Bambo, kudziwa msanga ndi ufulu wanu, koma osati pagulu. Kholo lililonse liuzidwe za mwana wake yekha, pa kalata kapena pamaso. Mndandanda usamatidwe pa bolodi la zidziwitso, usawerengedwe pa asembule. Ukangotuluka, pofika mawa lake anzawo awapatsa kale dzina, ndipo mwana wa Fomu 3 amalolera kujomba kusiyana ndi kulowa m'chipinda chimene aliyense akudziwa kuti ndi cha mbuli. Mawu akuti ofiira akhale a mu sitafu. Kwa mwana mumanena chinthu chenicheni: pa mafunso a makwadiratiki wapeza 2 pa 10, bwera Lachiwiri ndi Lachinayi tikonze zimenezo. Ndipo pakhale khomo lotulukira. Akakhoza timayeso tiwiri totsatizana, dzina lake lichoke.

Mkulu wa Masamu:
Pamenepa a Achiwiri anena chinthu chimene malikisi onse pamodzi sangakuuzeni. Ana 22 ofiira sadwala matenda amodzi. Tengani mapepala awo, jambulani tebulo, mayina m'mbali, manambala a mafunso pamwamba, mulembe zimene aliyense wapeza pa funso lililonse. Ndi ntchito ya madzulo amodzi. Mupeza kuti ena agwa pa mutu watsopano wokha, amenewo masabata awiri awakwanira. Ena akugwa paliponse pamene pali mafulakishoni kapena manambala a negetivu, zinthu za Fomu 1, ndipo kuwabwerezera makwadiratiki n'kutaya nthawi. Ena mafunso atatu omaliza sanawakhudze n'komwe, vuto lawo ndi liwiro. Magulu anu awiri a masana muwagawe potengera zimenezi, osati potengera kuti uyu 25 uyu 35.

Funso limene ngakhale obiriwira ambiri alilephera, limenelo libwerere m'kalasi ya onse.

Aphunzitsi a Jogalafe:
Ife tinachitapo zofanana ndi zimenezi pa mzere wa 40, ndipo zinathandiza. Avereji ya ana a pamndandanda inakwera kuchoka pa 31 kufika pa 37 kumapeto.

Mphunzitsi Wopuma:
Mwina zinathandizadi, koma nambala imeneyo payokha si umboni, mwana wanga. Mukasankha ana chifukwa choti apeza zochepa pa mayeso amodzi, mwa iwo muli ena amene tsikulo linangowaipira: malungo, kubwera ndi njala, kuwerenga mutu umene sunabwere. Tsoka lotero silibwereza kwa onse. Pa mayeso otsatira avereji ya gululo imakonda kukwerako yokha, ngakhale osawaphunzitsa kalikonse. Onani chitsanzo chija: mwa 22 apansi pa 40, anayi anakhoza popanda wowathandiza. Ndiye chaka chino mukathandiza 22 n'kukhoza asanu, simunasinthe zambiri. Akakhoza khumi kapena khumi ndi awiri, pamenepo tiyambe kukamba. Muzifananiza ndi gulu lomwelo la chaka chimene kunalibe chithandizo, osati ndi malikisi awo apakati.

Mkulu wa Masamu:
Ndipo pali chotsatira chake chimene chimasokoneza anthu. Chithandizo chikagwira ntchito, chaka chamawa mzere wanu udzaoneka ngati unanama, chifukwa ambiri amene munawalemba kofiira adzakhala atakhoza. Wina adzati mwaona, sanali pangozi. Choncho m'buku ikani chizindikiro pa mwana aliyense amene analandira chithandizo ndi masiku amene anabwera. Buku la chaka chatha, la nthawi imene kunalibe chithandizo, lisungeni bwino, ndi limene likuonetsa zoona za mzere.

Aphunzitsi a Bayoloje:
Nkhawa yanga ndi nthawi. Tinene teremu ya masabata 13. Mayeso apakati sabata ya 6, kuchonga mapepala 160 kumadya masabata awiri, mndandanda ukutuluka sabata ya 9, mayeso akumapeto ayamba sabata ya 12. Atsala masabata atatu. Kumeneko ndi kudziwa msanga?

Achiwiri kwa Ahedi:
Si msanga. Njira yake ndi kusadikira apakati. Sabata ya 3 kapena ya 4 perekani kamayeso ka mphindi 20, mafunso khumi a mayankho aafupi, ana asinthane makope achongerane inu mukuwerenga mayankho. Phatikizani ndi rejisitala ndi malikisi a teremu yatha, mutulutse mndandanda woyamba wa pensulo. Apakati adzangotsimikiza kapena kufufuta. Ndipo pochonga apakati, yambani ndi mapepala a ana a pamndandanda wa pensulowo, musadikire kumaliza mulu wonse.

Madamu a Chingerezi:
Zochongerana zimenezo ku Masamu zitheka. Chimangirizo sangachongerane. Komanso Fomu 1 teremu yoyamba mulibe teremu yatha yoti muyang'ane, ndipo ena amafika mochedwa anzawo ataphunzira kale masabata angapo. Amene wafika mochedwa akapeza 30, chimene akusowa ndi manotsi a masabata amene anaphonya.

Madamu a Fomu 3:
Ndawerengera buku la chaka chatha pa Masamu. Kwathu gulu la 40 mpaka 44 olephera aposadi theka, ndiye wofiira ndaudula pa 45, wachikasu pa 50. Pa pepala la pa 30 ndiye kuti 13 kutsika m'munsi ndi ofiira, 14 yekha ndi wachikasu, poti 15 ndi 50 kale. Gulu lachikasu latsala la ana atatu okha. Ofiira atuluka 27, kuphatikizapo awiri a Chingerezi chokha. A SANALEMBE asanu ndi mmodzi ndawalemba papepala lawo. Koma aphunzitsi amene avomera kutsala masana ndi awiri, ndiye malo ndi 24, mwina 26 tikapanikiza.

Mkulu wa Masamu:
Awiri a Chingerezi apite kwa Madamu a Chingerezi, atsala 25. Mwa amenewo tengani mapepala a onse a 12 ndi 13 muwaone monga ananenera Agogo. Amene njira akuidziwa ndipo teremu yatha anakhoza, atsitsireni kwa achikasu. Achikasuwo muwakulitse afike pa 16, chifukwa atatu okha ndi ochepa kwambiri pa pepala lalifupi chotero.

Aphunzitsi a Jogalafe:
Nanga malo akachepabe, woyamba ndani, wa 13 amene watsala pang'ono kapena wa 4 amene ali kutali?

Achiwiri kwa Ahedi:
Wa 13 ndi amene angakhoze teremu ino.

Mphunzitsi Wopuma:
Wa 4 mukamusiya teremu ino, Fomu 4 mudzamupeza ali pomwepo, ngati adzakhale akubwerabe. Ine ndikanayamba ndi iyeyo, pa mafulakishoni.

Madamu a Fomu 3:
A 6 kutsika m'munsi alipo asanu. Ndifunsa ahedi ngati angapeze mphunzitsi wachitatu wa Lachitatu masana. Mapepala a 12 ndi 13 ndawatenga, ndiwaona usiku uno.